Mbiri ya Achemwali Anga Akadali Moyo

Ndikakhala pa khonde langa ku Mtiya m'mawa wa nyengo yozizira, n'kuona phiri la Zomba litafunda nkhungu, maganizo anga amakwera okha msewu wokhotakhota uja mpaka kukafika pa nazale ya achemwali anga. Choyamba kubwera ndi fungo, la masamba a paini onyowa ndi utsi wa nkhuni zosauma bwino. Kenako ndimaona mizere ya machubu akuda, chubu chilichonse chili ndi kambande kake, ndipo kumapeto kwa mzere kwaima achemwali, atavala juzi ya malemu amuna awo, kheni yothirira ili m'manja. Amakhala akuyang'ana kumwamba, osathirira.

Achemwali ndi oyamba kubadwa m'banja mwathu, ine ndine mzime. Anakwera phirilo ali mtsikana, atakwatiwa ndi alamu amene anali kapitawo wa nazale ya kampani ina yodzala mitengo. Anayamba ndi ganyu yothira dothi m'machubu, kenako anakhala wothandizira amuna awo, ndipo alamu atamwalira ukapitawo unagwera iwo. Nyumba imene ankakhala inali ya kampani, yamalata ofiira, mawindo ake ang'onoang'ono. Ana awo onse anabadwira mmenemo, ndipo mapichesi a kuseri anadzala okha ndi manja awo.

Chaka chimene ndikunenachi kampani ija inagulidwa. Eni ake atsopano anati aliyense afunsirenso ntchito yake, atumize kalata ndi CV, ndipo malo a kapitawo anawalengeza poyera kuti ndi akunja omwe apikisane nawo. Wopambana atenga ntchito, atenganso nyumba. Achemwali zikanawakanika, akanatsika phiri ndi katundu pa lole, kupita kumudzi kumene anachokako tsitsi lisanayambe imvi.

Ine nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa bungwe lina la ku Chirunga. Ma CV ndinali nditawaona milumilu, ndipo ndinkadziwa mmene osankha amawerengera. Amangoponya diso, n'kuika kumanja kapena kumanzere, tiyi akuzizira pambali. Choncho achemwali atanditumizira chithunzi cha CV yawo pa foni, imene anawataipira pa kashopu ka pafupi ndi msika, ndinagwira mutu. Pansi pa mawu oti kapitawo panali izi: kuthirira mbande, kuyang'anira aganyu, kusamala zida, kulemba malipoti. Basi, zaka zonse zija zinathera pamenepo.

Ndinaimba foni nthawi yomweyo. "Achemwali, ichi n'chiyani?"

"Si ntchito zanga zimenezo? Pali bodza?"

"Bodza palibe. Koma ngakhale munthu amene anapha nazale yonse akhoza kulemba zomwezi. Nayenso ankathirira!"

Anaseka, n'kunena kuti ndinabadwa wamkamwa. Ndinawauza kuti Loweruka asapite kulikonse.

Loweruka lija ndinakwera ndi laputopu m'chikwama. Kumunsi kunali dzuwa, koma titangodutsa makhota oyamba nkhungu inatimeza. Galimoto inkayenda pang'onopang'ono, mitengo ikutuluka umodziumodzi n'kubwereranso. Azibambo otsika ndi nkhuni pa njinga ankangotulukira mwadzidzidzi ngati anthu a m'maloto, mabuleki akulira. Ogulitsa zipatso za mulunguzi anaima duu m'mbali mwa msewu, timbale tili m'manja. Nthawi zonse ndikafika pamenepo mkwiyo wanga umayamba kusungunuka, ndipo ndimaiwala zimene ndinakonza kukalankhula.

Ndinawapeza atayatsa mbaula pa khonde. Tinakhala moyang'ana nazale, ngakhale theka lake silinkaoneka. Ndinawafotokozera kuti ntchito iliyonse pa mndandanda uja tiifunsa mafunso omwewo. Zinthu zinali bwanji kale? Inu munachitapo chiyani? Chinasintha n'chiyani? Nanga wina akakayika, tim'sonyeza chiyani? Tilemba kaye m'chinenero chathu kuti mfundo igone, Chingerezi ndidzachiika pambuyo.

"Tiyambe ndi aganyu," ndinatero. "Kuwayang'anira kwake kotani?"

"Kuwayang'anira basi. Timangoyesetsa."

"Achemwali, musandikwiyitse m'mawa uno. Musanayambe inu, zinkayenda bwanji?"

Anatembenuza mbatata pa makala. Kenako anayamba kulankhula ngati akunena za munthu wina. Kale, anatero, kuthira dothi m'machubu kunkachedwa kuyamba, ndiye kunkakumana ndi nthawi imene amayi aganyu akufuna kukasosa minda yawo kumunsi. Ankathawa mmodzimmodzi, machubu n'kutsala opanda dothi, mbande n'kuchedwa kuwokeredwa, mvula n'kugwa mbande zili zazing'ono. Iwo atatenga ukapitawo anayambitsa ntchitoyo msanga, anthu atangokolola, n'kuwagawa amayiwo m'magulu, gulu lililonse ndi ndime yake, likamaliza liziweruka.

"Ndiye chinachitika n'chiyani?"

"Palibe. Kungoti mbande zimakhala zakonzeka mvula yodzalira ikamabwera."

"Chaka chilichonse?"

"Chiyambire."

Ogo! Ati palibe! Ndinataipa, n'kuwawerengera: "Ndinasintha nthawi yothira dothi m'machubu ndi kugawa aganyu m'magulu a ndime, ndipo kuyambira pamenepo mbande zakhala zokonzeka kudzalidwa pa nthawi yake chaka chilichonse."

Achemwali anandiyang'ana, n'kuyang'ana mbatata.

Pa zida zinayenda mofulumira. Kale makheni ndi mawilibala ankangosowa, kampani n'kumagula ena chaka ndi chaka. Iwo anapaka penti ya mtundu wake pa zida za gulu lililonse, ndipo gulu silinkaweruka lisanabweze zake. Kusowa kunatha. Ndinafunsa ngati akudziwa kuti kale ankasowa angati, anati sakukumbuka. Ndinasiya choncho, popanda nambala, chifukwa nambala yongopeka imakakugwira pakhosi pa intavyu. Pa malipoti ndinafinya, ndinafinya, osatuluka kanthu. Ankalemba mwezi ndi mwezi monga ankalembera alamu, ndipo palibe chinasintha. Tinangowaika m'kamzere kakafupi pansi, osawakometsera.

Nditawerenga pamodzi ziganizo ziwiri, cha aganyu ndi cha zida, achemwali anaika mbatata pansi.

"Iwe, ukundilembera mbiri ya pa maliro ndili moyo?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndipo nditaganiza, ndinaona kuti akunena zoona. Kwathu kuno zimene munthu wachita bwino timaziwerenga tsiku limodzi lokha. Bokosi lili patsogolo, wina waimirira ndi pepala, akuti malemuwa anamanga chakuti, anayambitsa chakuti, anathandiza akutiakuti, anthu n'kumavomera ndi mitu. Munthu wamoyo ukam'funsa za ntchito yake amati tikuyesetsa, amati ndi chisomo chabe. Akangoti ndinachita ndine, anthu amayang'anizana, ndipo pobwerera kwawo amakhala ndi nkhani. Achemwali anakulira m'menemo, ndiponso ndi mayi wa mvano, wozolowera kukhala kumbuyo. Mawu amene ndinkawawerengera anali atawamvapo kambirimbiri, koma nthawi zonse pamanda.

"Anthu akawerenga adzati mayiyu ndi wodzitama," anatero.

"Anthu ake ati? Awerenga ndi anthu atatu kapena anayi m'kachipinda, ndipo sakukudziwani. Ana a sukulu amene mukupikisana nawo alemba madipuloma awo, sachita manyazi. Inu dipuloma mulibe, muli ndi phiri ili. Mukapanda kunena nokha, akunenerani ndani?"

Anapumira m'mwamba, n'kunena kuti chabwino, tipitirize. Unatsala mzere umodzi, woyamba uja, wa kuthirira.

Pa chikalata cholengeza ntchito eni atsopanowo analemba momveka kuti akufuna munthu wodziwa kuchepetsa kufa kwa mbande. Ndinadziwa kuti ntchito yagona pamenepo, ndipo chiganizo cha zimenezo chiyenera kukhala pamwamba pa zonse. Koma ndinkadziwanso kuti nkhani ya kufa kwa mbande inali ya alamu. Ndinaimva ndi makutu anga pa maliro awo. Bwana wa kampani anaimirira n'kunena kuti malemuwa ndi amene anapulumutsa nazale ya paphiri pamene mbande zinkafa pafupifupi theka chaka chilichonse. Abale a alamu mpaka lero amainenabe pa zinkhoswe ndi pa ziliza. Choncho ndinafunsa mosayembekezera zambiri.

"Nanga pa kuthirira, inu mwawonjezerapo chiyani pa zimene anasiya alamu?"

"Palibe."

"Njira ija anaipeza bwanji iwowo?"

Achemwali anatambasula dzanja kunja kwa khonde. Nkhungu inkayenda pansipansi, kudutsa pakati pa mabedi a mbande. Atabweza dzanja linali lonyowa.

"Waona? Kuno nkhungu imathirira yokha. Koma lamulo la kampani linali loti m'mawa kheni, madzulo kheni, kaya kuli dzuwa kaya kulibe. Ndiye nyengo ngati ino timbande tinkavunda pa tsinde, n'kugona, bedi lonse. Ine ndinkapisa chala m'chubu, ndikumva dothi lili ndi chinyezi, koma ndikuthirabe. Mtima unkandiwawa. Tsiku lina ndinangosiya mabedi anga osathirira. Ndinachotsako udzu wina pa shedi kuti mphepo izipita, ndipo pothira machubu otsatira ndinasakaniza mchenga wambiri kuti madzi asamaime."

Ndinasiya kutaipa. "Mwati ndinasiya? Inu?"

Anazindikira kuti atulutsa. Anayamba kukonza makala amene sankafuna kukonzedwa.

Pang'onopang'ono nkhani inatuluka. Bwana atapeza mabedi osathirira anakalipa, ndipo nthawi imeneyo achemwali anali wothandizira chabe, wosavuta kum'chotsa. Alamu anaimirira pakati n'kunena kuti alamula ndi iwo, zikalephereka mlandu ndi wawo. Sizinalephereke. Mabedi a achemwali anachira, njirayo inafalikira nazale yonse, ndipo kampani inasiya kukagula mbande kwina zokwaniritsira minda yake. Dzina limene alamu anabwereketsa pofuna kuteteza akazi awo linakakamira pamenepo. Kunyumba ankaseka n'kumati tsiku lina adzawauza mabwana zoona. Matenda anafika tsikulo lisanafike.

"Achemwali! Zaka zonsezi! Ndipo munakhala pa mphasa pa maliro paja, bwana akuwerenga, inu chete?"

"Ukanakhala iwe ukanaimirira?"

Sindikanaimirira. Koma mtima wanga unali utatentha kale. Ndinati chiganizo chimenecho tilemba, ndipo chikhala choyamba. Iwo anati ayi. Ndinati popanda chimenecho CV yawo ndi ya munthu wosunga mawilibala. Anati ikhale choncho.

"Ndiwalande munthu ali m'manda? Chimene anthu amawakumbukira nacho n'chomwechi. Iwe sukudziwa, iwe. Anandiimirira pamene ndinalibe pogwira."

"Ndiye mutsike phiri chifukwa cha zimenezo? Alamu akanakondwa kukuonani pa lole ndi mapoto?"

Ndinalankhula mokweza kwambiri, mwakuti nkhuku zinathawa pa khonde. Achemwali anaimirira, n'kukoka juzi ija, n'kuyamba kuyenda. Ndinatseka laputopu n'kuwatsatira, ndikung'ung'udza ndekha.

Tinadutsa nazale, n'kulowa m'nkhalango ya paini ya kumtunda kwake. Mmenemo mulibe phokoso. Masamba ogwa anayala pansi mofewa, mapazi osamveka, ndipo madontho ankagwa kuchokera m'nthambi mmodzi apa, wina uko. Mitengo inali italitali, nsonga zake zitalowa m'nkhungu, moti sunkadziwa pamene mtengo wathera. Penapake patali mtsinje wa Mulunguzi unkamveka ngati anthu akunong'onezana m'chipinda china. Ndinkaona msana wa achemwali ukuzimirira n'kuonekanso. Nthawi ina ndinaona ngati ndi alamu akuyenda patsogolo panga, chifukwa cha juzi ija.

Anaima n'kugwira mtengo umodzi ndi chikhatho.

"Iyi ndi ya chaka chimene chija," anatero. "Mabedi anga aja."

Ndinayang'ana mmwamba mpaka khosi kuwawa. Ndinakumbukira kambande ka m'chubu, kochepa ngati chingwe cha nsapato, ndipo ndinalephera kuzigwirizanitsa. Mkwiyo unandithera, m'malo mwake munabwera chisoni. Ndinkawakonda alamu. Ndi amene ankandinyamulira mapichesi ku sukulu yogonera, atawakulunga m'nyuzipepala. Sindinkafuna kuwalanda kanthu, ndipo ndinawauza achemwali choncho.

Kenako iwo analankhula, osandiyang'ana.

"Pa pepala lakolo, kodi n'zotheka kulemba kuti anthu anali awiri?"

"N'zotheka. Bola zimveke kuti mbali yanu inali iti."

"Ndiye ulembe kuti ndinayamba ndine. Koma ulembenso kuti akapitawo anavomereza, n'kuifalitsa. Usawasiye kunja."

Titabwerera pa khonde tinatulutsa makope a malipoti akale aja, amene ndinkawaderera m'mawa. Mwezi uliwonse munalembedwa mbande zowokeredwa ndi mbande zakufa, choncho tinali ndi poimira. Tinayerekeza zaka za kale ndi za pambuyo pake, ndipo chiganizo chinatuluka chotere: "Ndinayambitsa njira yothirira motsatira chinyezi cha dothi, pamodzi ndi kusintha kasakanizidwe ka dothi ndi mthunzi, imene kapitawo wa nthawiyo anaivomereza n'kuifalitsa nazale yonse, kufa kwa mbande kunatsika kuchoka pa pafupifupi theka kufika pa imodzi mwa khumi, ndipo kampani inasiya kugula mbande kunja." N'chachitali, ndikudziwa, ndipo ku ofesi ndikanachidula pakati. Ndinayesa kuchotsa mawu a kapitawo kuti chifupike, achemwali anandimenya pa dzanja.

Panatsala chinthu chimodzi. Pa CV timalemba anthu oti akafunsidwe za ife, ndipo woyamba anali bwana wakale uja, yemwe anawerenga mbiri pa maliro, amene tsopano anapuma ntchito. Ndinati ayenera kumva kwa achemwali eni ake asanaimbiridwe ndi anthu achilendo, apo ayi adzati mayiyu akunama. Achemwali anamuimbira ali chiimire, dzanja lina litagwira nsanamira. Ine ndinapita kuseri kukaona mapichesi. Nditabwerako maso awo anali ofiira. Anati mkuluyo anawauza kuti ankadabwa chifukwa chake akafunsa za mabedi aja, alamu ankayamba ayang'ana kwa akazi awo asanayankhe.

Ku intavyu sindinapite nawo. Inachitikira m'tauni, ndipo atatuluka anabwera ku Mtiya atavala suti ya chitenje imene amasungira Paskha. Anati anawafunsa za chiganizo choyamba chija nthawi yaitali kuposa zina zonse. Mmodzi anafunsa kuti amadziwa bwanji tsiku losathirira, iwo anaimika chala m'mwamba, anthu n'kuseka, kenako anafotokoza bwinobwino. Wina anafunsa mwachindunji kuti maganizowo anali a ndani.

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati anali anga. Mawu anatuluka ngati a mwana, koma anatuluka."

Tinadikira masabata angapo. Ine ndinkadzuka n'kuyang'ana phiri, n'kumaganiza za mawindo ang'onoang'ono aja, kuti mwina muikidwa makatani a munthu wina. Ndinkakwiyira aliyense ku ofesi. Achemwali ankangothirira, kapena kusathirira, malinga ndi kumwamba. Foni ya ku kampani itabwera anandiimbira masana, ndili pa mzere ku banki, n'kungoti, "Usavutike kufuna lole." Ndinakuwa, mlonda mpaka anandiyandikira.

Loweruka lotsatira ndinakweranso. Tsiku limenelo nkhungu inachoka msanga, ndipo titaima kumapeto kwa nazale tinkaona tauni yonse pansi, madenga akunyezimira, ndi nyanja ya Chilwa patali ili mbuu. Tinadya mbatata pa khonde lomwe lija. Achemwali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi CV ija, ataiika m'pulasitiki, n'kundipatsa.

"Sunga. Tsiku langa likadzafika usadzavutike kufunsa anthu, udzangowerenga yomweyi."

"Asa! Musandiyambe zimenezo, mwangoyamba kumene ntchito."

Anaseka, n'kukhala pa mpando wawo, n'kukokera manja m'juzi. Anayang'ana mizere ya machubu, kenako anatseka maso.

"Tawerenga pano," anatero. "Yonse, usadumphe. Tsiku limenelo ine sindidzamva."

Ndinatulutsa pepala m'pulasitiki, n'kuimirira, n'kuyamba ndi mzere wa kuthirira.